Konzani zimene zingasocheretse omvera, zinazo asiyireni bambo

"Bambo anga alemba mawu oti akalankhule pa ukwati wa mchemwali wanga. Alemba m'Chingelezi poti akuchimuna samva chilankhulo chathu, ndipo andipempha kuti ndiwakonzere. Zolakwika zilimo zambiri, koma nditakonza ndime yoyamba sinamvekenso ngati ya bambo. Kodi ndikonze mpaka pati?"

Achimwene, bwererani ku pepala la bambo loyambirira lija, ndipo cholembera chiyambe chakhala pansi. Khalani nawo bambo, akuwerengereni mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, inu mukungomvetsera ngati mlendo wakhala kumbuyo kwa holo. Alendo pa ukwati saona pepala, amangomva mawu. Kalembedwe kolakwika ka liwu kapena mpumiro wosowa palibe adzazidziwe. Ngakhale timawu tija "a" ndi "the" tikasowa apa ndi apo, khutu limadutsa bwinobwino. Chongani malo okhawo amene mlendo angamve zosiyana ndi zimene bambo akutanthauza, kapena amene angachititse anthu kuseka pamene bambo sakufuna kuseketsa.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene ndinakumana nazo pokonzera malume anga, amene mwana wawo wamkazi ankakwatiwa ndi munthu womva Chingelezi chokha. Pena analemba chonchi: "Her mother is late, but he would be very exciting to see this day. Today my heart has sat down."

Chiganizo choyambacho chinali ndi misampha itatu. Woopsa kwambiri unali pa liwu lakuti "late". Ambiri a ife tikati munthu "is late" timatanthauza kuti anamwalira, koma munthu wobadwira m'Chingelezi akamva choncho amaganiza kuti mayiwo achedwa, ali m'njira. Tangoganizani akuchimuna akucheukira kukhomo kudikira munthu amene anatisiya kalekale, mkwatibwi misozi ili mbwembwembwe. Apa panalibe kuchitira mwina. Ndinawapatsa malume njira ziwiri, "her late mother" kapena "her mother is no longer with us", iwo n'kusankha yachiwiriyo poti inkawapatsa mpata wopuma mawu asanawatsamwe pakhosi.

Msampha wachiwiri ndi "he" ponena za mayi. Chilankhulo chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa liwu loti iye, ndiye ngakhale anthu ophunzira bwino amasokoneza "he" ndi "she", makamaka mtima ukadzadza. Pa ukwati vutoli limakula chifukwa nkhani yonse ndi ya mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndiye liwu limodzi likasokonekera, chiyamikiro cha mkwatibwi chimagwera mkwati. Muwerenge pepala lonse ulendo wina wapadera mukungosaka mawu awiri amenewa, pamodzi ndi "his" ndi "her". Pamene mukuona kuti bambo angaphonye ali chilili pamaso pa anthu, ikanipo dzina la munthuyo. Kutchula dzina la mwana wako kawirikawiri sikutopetsa aliyense.

Wachitatu ndi "exciting" m'malo mwa "excited": loyambalo limanena za chinthu chimene chimapatsa ena chisangalalo, lachiwirilo limanena za munthu amene akumva chisangalalocho. Koma sindinangosintha mathero a liwulo. Ndinawafunsa malume m'chilankhulo chathu kuti ankafuna kunena chiyani, iwo anati mayi ake akanasangalala. Choncho tinalemba "she would have been so happy to see this day". Muzichita chimodzimodzi paliponse pamene mwakayikira: afunseni anene m'chilankhulo chawo, kenako mufune Chingelezi chophweka chonyamula zimenezo. Mukamangolota nokha zimene akutanthauza, mudzapezeka mwalemba maganizo anu m'dzina lawo.

Tsono chiganizo chachiwiri chija, cha mtima wakhala pansi. Apa ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti tinazindikira tsiku lisanafike. Ndinachifufuta n'kulemba "I feel a profound sense of relief". Galamala yake inali yolondola. Malume atawerenga anaima pa "profound", anabwereza kawiri, kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi za mtima zija wazichotsa?" Mawu anga aja akanatha kunenedwa ndi aliyense, pa mwambo uliwonse. Awo aja anali a bambo amene analera yekha mwana wamasiye, lero akumuona ali m'manja abwino. Mzungu sanena kuti mtima wakhala pansi, inde, koma akamva amamvetsa nthawi yomweyo, chifukwa chithunzicho n'chooneka ndi maso. Tinachibwezeretsa momwe chinalili, ndipo tinangowonjezera kutsogolo kwake mawu oti "as we say in my language", kuti omvera adziwe kuti ndi dala.

Ndiye muyeso wake ndi umenewu. Mawu achilendo koma omveka, asiyeni. Mawu achilendo amene akusocheretsa, akonzeni, koma ndi liwu limene bambo amalidziwa kale. Mwambi monga wakuti mutu umodzi susenza denga umawoloka bwinobwino kupita m'Chingelezi. Mwambi wofuna kuti munthu adziwe kaye nthano yake sungawoloke wokha, ndiye bambo aunene m'chilankhulo chawo, kenako aumasulire ndi chiganizo chimodzi. Nthabwala zokha ndiye muziyese kaye pa munthu wa Chingelezi ngati alipo pafupi, makamaka zokhudza thupi la mkwatibwi kapena zibwenzi zakale, chifukwa zimene kwa ena ndi chiyamikiro kwa ena ndi chipongwe.

Samalaninso ndi lilime lawo. Ngati bambo amavutika kusiyanitsa l ndi r, musawaikire mawu ngati "rarely" kapena "truly" pamalo pamene akufunika kugogomeza. Chiganizo chimene sangachimalize ndi mpweya umodzi, chiduleni pawiri. Ndipo musawonjezere utali. Munthu wolankhula pagulu m'chilankhulo chimene sanabadwe nacho amayenda pang'onopang'ono, mwina mawu 100 mpaka 120 pa mphindi, choncho mawu 400 ndi mphindi pafupifupi zinayi, ndipo zimenezo zakwana. Ngati pakufunika kudula, asankhe okha chodula. Mwina kankhani kamene inu mukukaona ngati kosafunika, ka tsiku limene mchemwali wanu anayamba sukulu, ndi kamene anayambira kulemba zonsezi.

Ngati mukugwiritsa ntchito Word, yatsani Track Changes kuti bambo aone chilichonse chimene mwakhudza, ndipo muwauze chifukwa chake, chimodzichimodzi. Akakana kusintha pamalo pamene tanthauzo silikusokonekera, agonjereni. Pa zinthu ngati "late" zija pokha ndiye muumirire mwaulemu, muwafotokozere zimene akuchimuna adzamve.

Mukamaliza, sindikizani ndi zilembo zikuluzikulu, saizi 16 kapena 18, chiganizo chilichonse pamzere wakewake, mbali imodzi yokha ya pepala. Awerenge ataimirira katatu kapena kanayi pa masiku osiyana. Pamene apunthwa kawiri pamalo amodzi, vuto ndi liwulo, lisintheni. Pamene mawu awo anjenjemera chifukwa cha zimene akunena, musakhudzepo, ingosiyani mzere wopanda kanthu pansi pake kuti adzapezepo popumira.