Ngongole ya kubanki kapena kugulitsa masheya? Yankho kwa mayi wa chiponde

"Ndili ndi kampani yopanga chiponde, phindu langa pachaka ndi K18 miliyoni. Ndikufuna makina atsopano a K40 miliyoni. Banki yavomera kundikongoza pa chiwongoladzanja cha 32 peresenti, ndibweze pazaka zitatu, chikole chikhale nyumba. Koma alamu anga akuti andipatsa ndalamayo ndikawagawira masheya 30 mwa 100. Nditenge ziti?"

Mayi, zikomo pondilembera. Tiyambe ndi masamu a kubanki. K40 miliyoni pa chiwongoladzanja chimenecho, kwa miyezi 36, ndiye kuti mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K1.74 miliyoni. Pomaliza mudzakhala mutabweza K63 miliyoni, ndipo K23 miliyoni mwa ndalamayi ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Zikuoneka zoopsa, komabe ngongole ili ndi ubwino waukulu umodzi: imatha. Ikatha, makina ndi anu, kampani ndi yanu yonse. Komanso chiwongoladzanjacho chimachotsedwa pa phindu asanawerengere msonkho.

Za alamu zikuoneka zofewa chifukwa palibe chobweza mwezi ndi mwezi. Koma tiyerekeze kuti makina agwira bwino, phindu lafika K45 miliyoni pachaka. Gawo lawo likhala K13.5 miliyoni chaka chilichonse. Pazaka zisanu lidzakhala litaposa kale K63 miliyoni ya kubanki ija, ndipo silidzalekera pomwepo. Kampani ikamakula, masheya ndiwo amadula kuposa ngongole. Ikagwa, mpamene masheya amakupulumutsani, pakuti alamu amaluza nanu limodzi, pomwe banki imabwera kudzagulitsa nyumba.

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ichi. Phindu lanu la lero, mukaligawa pa miyezi 12, ndi K1.5 miliyoni pamwezi. Banki ikufuna K1.74 miliyoni. Ndiye kuti ngongoleyi simungaikwanitse ndi bizinesi imene muli nayo panopa. Mukudalira makina amene sanafike nkomwe. Makina amachedwa pamalire, amafuna womanga, magetsi amathima, ndipo masitolo akuluakulu amatenga katundu nkulipira patapita mwezi kapena iwiri. Banki siidikira zonsezi.

Ndiponso ndalama ya chiponde siiyenda mofanana chaka chonse. Nthawi yokolola mumathira pafupifupi ndalama zonse pogula mtedza usanakwere mtengo, ndipo phindu limakhala lili m'matumba kunkhokwe, osati kuakaunti. Choncho musayang'ane phindu la pachaka. Tsegulani mabuku anu, mupeze miyezi itatu imene munali ndi ndalama zochepa kwambiri chaka chathachi, mudzifunse ngati pamiyezi imeneyo mukanatha kutulutsa K1.74 miliyoni osasiya kugula mtedza kapena kulipira antchito. Ine ndimafuna kuti ndalama yotsala pamwezi ipose ya ngongole ndi theka lake. Mukayamba kutenga katapila kapena ndalama ya banki m'khonde kuti mulipire banki yeniyeni, dziwani kuti zavuta kale.

Afunseninso akubanki ngati 32 peresentiyo ndi yokhazikika. Ngongole zambiri kuno zimatsata chiwongoladzanja cha pamsika, chimene chimakwera Banki Yaikulu ikakweza chake. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo pofika Febuluwale 2024 Banki Yaikulu inali itafikitsa chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti. Amene anali ndi ngongole zosakhazikika anaona ndalama yobweza ikukwera osakongola china.

Pa za alamu, mtengo wawo si woipa. Kupereka K40 miliyoni pa masheya 30 kukutanthauza kuti kampani yanu lero akuiona ngati ya K93 miliyoni, kasanu phindu lanu la pachaka. Vuto langa lili pa 30 ameneyo. Zigamulo zikuluzikulu za kampani, monga kusintha malamulo ake, zimafuna mavoti 75 mwa 100. Mukatsala ndi 70, alamu akakana, chinthu sichitheka. Ndipo mkangano wa kuofesi udzakupezani ndi kumaliro komwe.

Ndikanakhala ine, ndikanagawa pakati. Kongolani K20 miliyoni, imene muzibweza K870,000 pamwezi. Imeneyi phindu la lero likhoza kuinyamula ngakhale makina atachedwa. Limbikirani kuti chikole chikhale makinawo, osati nyumba imene ana anu amagonamo. K20 miliyoni inayo itengeni kwa alamu, muwapatse masheya osapitirira 18 mwa 100, amene akufanana ndi mtengo womwe iwo eni atchula.

Musalandire ngakhale tambala musanapite nawo kwa loya. Pepala linene momveka kuti phindu lidzagawidwa liti ndi lochuluka bwanji, kuti akafuna kugulitsa masheya awo ayambe afunsa inu, kuti mukhoza kuwagulanso pakatha zaka zisanu pa mtengo wowerengedwa motani, komanso masheyawo adzapita kwa ndani iwo akadzamwalira. Alamu akakana kusaina, tengani ngongole ya K20 miliyoni yokhayo, mugule makina ang'onoang'ono.