Chifukwa chimene MC imadulira ATC pansi penipeni

"Ndili chaka choyamba ku koleji. Aphunzitsi akuti mzere wa MC umadula wa ATC pamene ATC yatsikitsitsa. Ndaloweza, koma mutu wake sindikuumva. MC ikayamba kukwera, bwanji ATC osakwera nayo pomwepo?"

Zikomo polemba. Gilafu ija iikeni kaye pambali, tipite kwa kalipentala wokhoma madesiki. Tiyerekeze kuti lendi ya shedi ndi ya makina opalira matabwa ndi K60,000 pa sabata, akhome asakhome. Nkhaniyi ndi ya nyengo yaifupi, ndipo aphunzitsi akamati nyengo yaifupi sanena za masiku owerengeka ayi. Amanena nthawi imene kalipentalayo shedi ndi makinawo sangazikulitse, koma matabwa, misomali ndi aganyu angathe kuwonjezera.

MC ndi ndalama zimene desiki imodzi yowonjezera yadya. Tinene kuti yoyamba yadya K30,000, yachiwiri K20,000, yachitatu K25,000, yachinayi K35,000, yachisanu K50,000, yachisanu ndi chimodzi K70,000. Kuyambira yachitatu zikukwera chifukwa makina ndi amodzi: aganyu akachuluka amayamba kudikirirana, ena kugwira mpaka usiku, matabwa n'kumawonongeka. ATC ndi avareji: zonse zimene zalowa, lendi yomwe, kuzigawa ndi madesiki amene akhomedwa.

Pa madesiki awiri zalowa K110,000, avareji K55,000. Yachitatu yadya K25,000, yoposa yachiwiri ndithu, choncho MC yayamba kale kukwera. Koma K25,000 ndi yochepa poyerekeza ndi K55,000, ndiye ikukokera avareji pansi: K135,000 kugawa patatu ndi K45,000. Yachinayi yadya K35,000, ikadali pansi pa K45,000, avareji yatsikanso kufika K42,500. Yachisanu ndi imene yatembenuza zinthu: K50,000 yaposa K42,500, avareji yakwera kufika K44,000.

Apa m'pamene pagona yankho lanu. Avareji ilibe nazo kanthu kuti MC ikukwera kapena ikutsika. Imangofunsa kuti desiki yatsopanoyi ili pamwamba panga kapena pansi panga? Taganizani za malikisi. Muli ndi avareji ya 70 pa mayeso khumi, mwapeza 40, kenako 50, kenako 60. Mukuchita bwinoko mayeso aliwonse, koma avareji ikutsikabe, pakuti onsewo ndi ochepera avarejiyo. MC ikakhala pansi, ATC imatsika. Ikakhala pamwamba, ATC imakwera. Ndiye pamene MC ikudutsa kuchoka pansi kupita pamwamba, ATC yasiya kutsika koma sinayambe kukwera, ndipo malo otero ndi pansi penipeni pa mzerewo. Ngati masamu a kupendekeka kwa mzere munawaphunzira, zonsezi zili m'mzere umodzi uwu:

```
d(ATC)/dQ = (MC − ATC)/Q
```

Q ndi chiwerengero cha madesiki. MC ikafanana ndi ATC, kupendekekako ndi 0.

Lamulo lomweli limagwiranso pa AVC, avareji yopanda lendi. Kwa kalipentala wathu ndi K30,000, K25,000, K25,000, K27,500, K32,000. MC yaipeza pa desiki yachitatu, pamene ATC ikadali kutsika mpaka yachinayi. Choncho pojambula, pansi pa AVC pazikhala kumanzere kwa pansi pa ATC. Ambiri amaziika pamalo amodzi, malikisi n'kuthawa. Musaiwalenso mpata wa pakati pa mizere iwiriyi: ndi lendi ija yogawidwa, K60,000 pa desiki imodzi, K30,000 pa awiri, K12,000 pa asanu. Umachepa koma sutha, ndiye mizereyo isagundane, komanso isayende motalikirana mofanana.

China chimasokoneza potengera manambala a m'tebulo kupita pa gilafu. Mwaona kuti palibe desiki imene MC yake ndi K42,500 ndendende. Si kulakwitsa kumeneko. Madesiki sagawika pakati. K50,000 ija ndi ya ulendo wochoka pa 4 kupita pa 5, n'chifukwa chake mabuku ambiri amaika kadontho kake pa 4.5. Mukakaika pa 5, mzere wonse umasendera kumanja, n'kuoneka ngati ukudula ATC itayamba kale kukwera.

Msampha umene ine ndimauona woopsa kuposa yonse ndi kuganiza kuti pansi pa ATC m'pamene phindu limachulukitsitsa. Tinene kuti desiki ikugulitsidwa K60,000. Pa madesiki anayi apeza K240,000, achotse K170,000, phindu K70,000. Yachisanu ikweza avareji, inde, koma ibweretsa K60,000 itadya K50,000 yokha, phindu lifika K80,000. Yachisanu ndi chimodzi idya K70,000 n'kubweretsa K60,000, phindu libwerera pa K70,000. Kalipentala aime pa asanu. Pamayeso, jambulani mzere wogona pa K60,000, muone pamene wakumana ndi mbali yokwera ya MC, mutsike molunjika kuti muwerenge madesiki, kenako muwerenge ATC pa nambala yomweyo: K60,000 kuchotsa K44,000 ndi K16,000, kuchulukitsa kasanu, K80,000 yomwe ija.