Masekondi atatu oyamba: munene chiyani pa kanema wa saluni yanu?

"Ndili ndi saluni yomanga tsitsi ndipo ndimajambula makanema aafupi pa foni n'kuwaika pa Facebook ndi pa TikTok. Ntchito yanga ndi yabwino, makasitomala amabwereranso, koma makanemawo anthu akungowadutsa. Ndimayamba ndi mawu akuti, 'Moni nonse, takulandirani ku saluni yathu.' Akuti masekondi atatu oyamba ndiwo amagwira munthu. Ndiye ndizinena chiyani m'masekondi amenewo?"

Achemwali, zikomo pondilembera. Tiyambe ndi kuwerenga pa zala mawu amene mumatsegulirawo. Mo-ni no-nse, ta-ku-la-ndi-ra-ni ku sa-lu-ni ya-thu. Maphatikizo 16. Munthu wolankhula momasuka, osathamanga, akamafika pa "yathu" masekondi atatu aja amakhala atatha, ndipo woonerayo sanamvebe chilichonse chokhudza mutu wake. Wangomva kuti kwinakwake kuli saluni, zomwe ankazidziwa kale.

Ndikudziwa kuti kuchotsa moni kumaoneka ngati kusowa ulemu. Pakhomo pa saluni, moni ndi woyenera chifukwa munthuyo wabwera yekha, waima, akukuyang'anani. Wa pa foniyu sanabwere kwa inu. Kanema wanu wangomutulukira pakati pa makanema ena, ndipo chala chake chili kale pa galasi kukonzekera kukankha. Moni ndi dzina la saluni zikhalepo ndithu, koma ziikeni kumapeto, pamene munthuyo wayamba kufuna kudziwa kuti manja amenewa ndi a ndani.

Nanga poyambira muikepo chiyani? Ikanipo vuto limodzi la munthu mmodzi, m'mawu amene iye mwini amalinenera, ndipo chithunzi chikhale chikulionetsa kale mawuwo akamatuluka. Mawu amenewa simuyenera kuwapeka. Muli nawo kale, mumawamva tsiku lililonse pa mpando wanu uja. Kumbukirani zimene kasitomala watsopano amanena akangokhala pansi, musanamugwire n'komwe m'mutu. Ambiri amagwira pachipumi n'kunena kuti, "Chonde musandikoke kwambiri, komwe ndinapita ulendo watha ndinagona chokhala." Nyambo yanu ndi imeneyo.

Tiyeni tiipange kukhala kanema weniweni wa masekondi 20. Mawu otsegulira akhale akuti, "Mukamangitsa tsitsi, mumagona chokhala?" Maphatikizo 14, ndipo amakwana bwino m'masekondi atatu. Taonani zimene funsoli likuchita. Amene sanamangitsepo tsitsi adutsa, ndipo palibe chimene mwataya chifukwa sakanabwera. Amene anavutikapo usiku wonse, mutu ukugunda, pilo akulephera kumukhudza, amva ngati mwamuitana ndi dzina. Muyerekeze ndi funso lakuti, "Kodi mukufuna tsitsi lokongola?" Aliyense amalifuna, n'chifukwa chake funsolo silikola aliyense. Munthu amayankha mumtima kuti inde, chala n'kupitiriza ulendo.

Tsopano chithunzi, chifukwa diso limafika khutu lisanamve. Kanema akangoyamba, pasaoneke chikwangwani cha saluni, pasaoneke mipando yopanda anthu, ndipo musaoneke inu mukubwerera m'mbuyo mutangodina batani. Foni ikhale choimirira, pafupi kwambiri ndi m'mbali mwa chipumi cha kasitomala, mwina masentimita 20 kapena 30, kuwala kwa pawindo kukumenya pamalo omwewo. Chala chanu chikhale chikunyamula kale chingwe chimodzi cha tsitsi lomangidwalo n'kuchipinda m'mwamba ndi m'munsi, khungu osakokeka. Ndinaonapo womanga wina akuchita zimenezi: anagwira zingwe zonse n'kuzikweza pamwamba pa mutu ngati akufuna kuzimanga mfundo, kasitomalayo akungoseka, nkhope yosakwinyika ngakhale pang'ono. Aliyense amene anamangitsapo tsitsi lothina amadziwa kuti tsiku loyamba sungayerekeze kuchita zimenezo. Chithunzicho chinalankhula chokha.

Mukajambula, dulani koyambirira mopanda chisoni. Makanema ambiri a pa foni amakhala ndi theka la sekondi, mwinanso sekondi yathunthu, pamene dzanja likugwedezeka ndipo wolankhula akukoka mpweya. Pa masekondi atatu, sekondi imodzi ndi gawo lalikulu. Liwu lakuti "Mu-" limveke pomwe chithunzi chikuonekera.

Pali chinanso. Anthu ambiri amaonera foni ili chete, mwina ali pagulu kapena mwana wagona pambali. Ndiye mawu otsegulirawo alembedwenso pa kanemapo, koma achidule kuposa olankhulidwa. "Mumagona chokhala?" ndi okwanira, zilembo zazikulu zoyera pamalo oderapo. Musawaike pansi penipeni kapena kudzanja lamanja, chifukwa pa TikTok ndi pa Reels, makanema aafupi a pa Facebook ndi Instagram, m'malo amenewo mumakhala dzina lanu, mawu ofotokozera ndi timabatani, ndipo zimaphimba zolemba zanu. Aikeni chapakati, chokwererako pang'ono, osaphimba chala chija.

Kuyambira sekondi yachinayi, lipirani ngongole imene mwatenga. Mwafunsa za kuwawa, yankhani za kuwawa. Nenani mwachidule kuti mutu umawawa chifukwa meshi yamangidwa ndi mfundo yolimba patsinde penipeni pa tsitsi, kapena chifukwa katsitsi kochepa kasenzetsedwa meshi yolemera. Onetsani mmene inu mumayambira ndi tsitsi la mwini wake, n'kumalowetsa meshi pang'onopang'ono mukutsika, njira yopanda mfundo ija. Cha pa sekondi 15 kasitomala atembenuke, tsitsi lonse lioneke. Apo tsopano nenani dzina la saluni, komwe muli, ndi chinthu chimodzi choti munthu achite, monga kukulemberani uthenga. Chimodzi chokha.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimene ndimachitenga mozama. Nyambo yamphamvu kwambiri pa nkhani ya tsitsi ndi ya kuthothoka kwa m'mbali, ndipo chiyeso chake n'chachikulu. Mudzaona ena akutsegula ndi mawu akuti, "Tsitsi la m'mbali limera pa sabata ziwiri." Musatero. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo ngati lakhala likukokedwa kwa zaka mpaka mizu yake kufa, mwina silingamerenso n'komwe. Mayi amene akubisa chipumi ndi mpango akuvutika kale mumtima. Mukamukopa ndi lonjezo labodza adzabwera kamodzi, adzakhumudwa, ndipo adzauza anzake. Mungathe kulankhula naye moona n'kumugwirabe. Onetsani pafupi tiziphuphu tating'ono timene timatuluka m'mbali tsitsi likathina, n'kunena kuti, "Tiziphuphu iti ndi chenjezo." Maphatikizo 10 okha, ndipo ndi zoona. Kenako muuzeni kuti akaona zotere amasule msanga. Koma mutu wa munthu musaujambule chobera. Mupempheni kasitomala musanajambule, mumuuze komwe kanemayo apite, ndipo ngati sakufuna nkhope ioneke, jambulani chakumbuyo kapena chakumbali.

Ine ndinalakwitsapo mbali ina. Ndikuthandiza saluni ina, tinatsegula kanema ndi sizasi ikudula tsitsi lalitali kamodzi n'kamodzi, mawu akuti, "Musaphethire." Anthu anaonera ambiri kuposa makanema onse a saluniyo, ndemanga mbwee, koma amene analemba kufunsa tsiku lobwera sanapitirire awiri. Tinakopa okonda kudabwa, pamene saluniyo inkafuna omangitsa tsitsi. Kuyambira pamenepo, mawu alionse otsegulira ndimawafunsa kuti: amene aime chifukwa cha mawu awa, kodi ndi amene angakhale pa mpando?

Mudziwa bwanji kuti mawu anu agwira? Musadalire kuchuluka kwa oonera kokha. Ngati mwalipira kuti kanema afalikire pa Facebook kapena Instagram, mu Ads Manager, malo a Facebook oyendetsera zotsatsa malonda, muli nambala ziwiri zofunika. Impressions ndi kangati kanema anaonekera pa mafoni a anthu, ndipo 3-second video plays ndi kangati anaseweredwa masekondi atatu. Gawani yachiwiriyo ndi yoyambayo. Tiyerekeze kuti kanema wa moni uja waonekera ka 2,000 ndipo wafika masekondi atatu ka 300. Ndiye kuti pa 100 alionse, 15 anaima. Wa "mumagona chokhala" waonekeranso ka 2,000 n'kufika masekondi atatu ka 600, kutanthauza 30 pa 100 alionse. Nambalazi ndangoziika kuti muone kawerengedwe kake, zanu zidzakhala zina, ndipo muzidziyerekeza ndi makanema anu omwe. Ngati simunalipire, tsegulani ziwerengero za kanemayo pa TikTok, mupeza mzere woonetsa pamene anthu amachokera.

Mzere umenewo uwerengeni chonchi. Ukagwa chiphompho m'masekondi awiri oyamba, vuto lili pa chithunzi choyamba kapena mawu otsegulira. Ukagwira bwino mpaka sekondi yachitatu n'kugwa pa yachinayi kapena yachisanu, nyambo inali yabwino koma simunalipire ngongole ija, mwina munafunsa za kuwawa kenako n'kuyamba kuonetsa mashelefu a mafuta. Anthu akaonera mpaka kumapeto koma osalemba uthenga, mwina mwakopa osayenera ngati ine ndi sizasi ija, kapena simunawauze komwe muli.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi chokha. Kanema akhale yemweyo, masekondi 17 omalizawo osawakhudza, mungosintha atatu oyamba. Mukasintha mawu, nyimbo ndi kasitomala nthawi imodzi, simudziwa chimene chathandiza. Ndipo musaweruze pa anthu 50, dikirani mpaka aliyense mwa makanema awiriwo aonekere kokwana 1,000 kapena kuposa.

Sabata ino, ikani kabuku pafupi ndi chipeso chanu, ndipo kasitomala watsopano aliyense akakhala pansi, lembani chiganizo chake choyamba monga wachinenera, osachikonza. Wina adzati meshi imamuyabwa tsiku lachitatu, wina adzati wigi imasuntha akamayenda, wina adzati mwana wake amalira akangoona chipeso. Loweruka madzulo werengani maphatikizo a chilichonse, chopitirira 15 muchifupikitse, ndipo musankhe chimene mungathe kuchionetsa ndi chala chanu pa mutu weniweni. Mukajambula awiri oyambawo, nditumizireni pamodzi ndi nambala zake tidzaonere limodzi.