Mauthenga othokoza pambuyo pa intavyu

"Anandifunsa mafunso anthu atatu pa intavyu. Kodi ndiwatumizire onse uthenga umodzi wothokoza?"

Ayi, achimwene, aliyense mumulembere wake, makamaka lisanathe tsiku lotsatira. Anthu amenewa amakambirana asanasankhe munthu, ndipo nthawi zina amaonetsana maimelo, choncho mawu ofanana amaonekeratu.

Inenso ndinakhalapo pagulu lofunsa, ndipo wina anatitumizira tonse uthenga umodzi, moti wanga unabwera uli ndi dzina la mnzanga. Tchulani chimene aliyense anafunsa: amene anafunsa za bajeti muwakumbutse zimenezo, ndipo ngati funso lina simunaliyankhe bwino, onjezerani chiganizo chimodzi. Ngati munadzera kukampani yopezera anthu ntchito, yambani mwafunsa kumeneko, chifukwa mabwana ena salola kulemberedwa mwachindunji.