Malaya oyera 16, telala mmodzi, ndi nambala yomwe oyimbira sanaione

"Ndine mphunzitsi, ndimasamalira timu ya anyamata a zaka 12 mpaka 14. Kholo lina latigulira matisheti oyera 16 opanda kalikonse. Ana akufuna mizere yofiira kutsogolo ndi kumbuyo, nambala, makabudula ndi masokosi. Ndalama ndi yochepa. Ndimuuze chiyani telala?"

Aphunzitsi, ndawerenga kalata yanu katatu, chifukwa yandibwezera zaka zambiri mmbuyo pa bwalo lafumbi lomwe ndinakulirapo. Ifenso tinali ndi matisheti oyera a pakaunjika, ifenso tinkafuna zofiira ndi zoyera, chifukwa theka la timu yathu linali la Maule, ndipo ochepa omwe ankasapota Manoma tinawagonjetsa pa kuvota. Ine ndiye ndinali msungichuma, ndine ndinanyamula thumba la malayawo kupita nalo kwa telala wa pakhonde la golosale.

Ndinagula nsalu yofiira yotchipa, ija yolimba yosatamuka yomwe amasokera mayunifolomu a sukulu. Ndinapempha mizere itatu yopingasa, yozungulira chifuwa ndi msana. Telalayo anaigwira nsaluyo, anaikoka, anakokanso tisheti, kenako anati, "Achimwene, izi sizigwirizana." Ndinali ndi changu, masewero anali Loweruka, ndinamuuza kuti angosoka. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu wodziwa ntchito yake anandichenjeza ine osamva.

Tisheti ndi nsalu yoluka, imatamuka, ndipo imatamuka kwambiri mopingasa kuposa kuchokera m'khosi kutsikira pansi. Kutamuka kumeneko ndiye kumalola mwana kulowetsa mapewa ndi kupuma bwino akuthamanga. Mukasokapo mzere wosatamuka mozungulira chifuwa, mwamumanga lamba. Wotchinga kumbuyo wathu, mnyamata wathupi, atangokweza manja kuti aponye mpira tinamva kuti pwe! ulusi wadukaduka m'khwapa, mzere ukulendewera. Chigawo chachiwiri kunagwa mvula. Nsalu ija sindinaichape ndisanaipereke kwa telala, ndiye inayamba kusuluka ana ali m'bwalo momwemo, utoto wofiira ukutsetsereka pa choyera. Titachapa madzulo ake, mizere inafupika pang'ono, malaya onse anachita makwinya ngati masamba a nkhwani ofota.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi nambala. Tinazilemba ndi penti yakuda ya mafuta, yotsala popaka zitseko, pamwamba pa mizere yomweyo. Nambala 3 ndi nambala 8 zinkaoneka chimodzimodzi ukaima chapatali, chifukwa mzere wofiira unkatseka mipata ya 3. Wa nambala 8 anachita chisawawa, oyimbira analemba 3 m'kabuku kawo. Patapita mphindi zingapo wa nambala 3 anagwetsa munthu, oyimbira anayang'ana kabuku kaja n'kutulutsa kadi yofiira. Mwana wosalakwa anatuluka akulira. Ndinamutsatira kuseri kwa golo, ndinalibe chomuuza, chifukwa cholakwacho chinali changa.

Ndiye ndinene mosapsatira: kumsana musaikeko mizere. Ana adzadandaula, asiyeni adandaule. Msana wa jezi ndi wa nambala. Onani matimu akuluakulu a malaya amizere akamasewera m'mipikisano ya FIFA, mupeza kuti pomwe pali nambala pamakhala malo a mtundu umodzi, mizere yaduka. Sachita zimenezo pofuna kukongoletsa, ndi malamulo a zovala omwe amafuna kuti nambala iwerengeke. Ngati iwo okhala ndi makamera mbali zonse amasamala chotere, nanga ife omwe oyimbira wathu ndi mmodzi, wopanda womuthandiza, dzuwa likumuthobwa m'maso?

Pali chinanso chomwe chimandikwiyitsa m'mipikisano ya m'madera. Timawononga ndalama yonse pa osewera khumi, goloboyi n'kumusiya avale chilichonse chomwe wabwera nacho. Lamulo lachinayi la mpira limanena kuti goloboyi avale mtundu wosiyana ndi osewera ena onse komanso oyimbira. Mwa matisheti anu 16 aja, goloboyi asavale ngakhale imodzi. Mupezereni ina yobiriwira kapena yachikasu, yamanja aatali ngati ilipo, poti amagwa pa nthaka youma. Lamulo lomwelo limafunanso kuti jezi ikhale ndi manja, choncho musalole ana kudula manja a malaya ati kuti azimva mphepo.

Zomuuza telala

Musanapite kwa telala, chapani matisheti onse ndi nsalu yofiirayo padera padera. Viikani kachidutswa kofiira m'madzi ofunda a sopo, mukafinyire pa kansalu koyera. Kakasiya mtundu, nsaluyo isiyeni, musaikhululukire. Gulani nsalu yotamuka ngati ya tisheti yomwe, kuti ziwirizo ziziyendera limodzi.

Mizere ikhale yoimirira, iwiri, kutsogolo kokha, kuchokera pa msoko wa phewa kufika pansi. Yoimirira ndi yabwino chifukwa mbali imeneyo tisheti sitamuka kwambiri, ndiye ngakhale makina opalasa ndi mwendo, omwe amasoka msoko wowongoka wokha, agwira ntchito. Adule mzere wa masentimita 7 m'lifupi, apinde sentimita imodzi mbali iliyonse, utsale wa masentimita 5. Pa malaya 16 mufunika mizere 32 ya masentimita pafupifupi 70 m'litali. Nsalu ya masentimita 150 m'lifupi imatulutsa mizere 21 pa kudula kumodzi, ndiye kudula kawiri kwakwana, mita imodzi ndi theka. Onjezerani mita ina ya mizere ya makabudula. Auzeni ayale tisheti pa tebulo, ajambule ndi choko, abaye mapini, ndipo posoka asakoke tisheti, apo ayi itukusira ngati mafunde. Asoke imodzi kaye, mwana wamkulu thupi aivale, akweze manja, muichape, kenako asoke zotsalazo.

Nambala ya akuluakulu, malinga ndi FIFA, imakhala masentimita 25 mpaka 35 kutalika kwake. Pa msana wa mwana wa zaka 13 ine ndimaika 20, kunenepa kwa mzere wolembera masentimita atatu. Pindani tisheti pakati kuti mupeze msana weniweni, muyambe nambala chikhatho chimodzi pansi pa kolala. Ikatsika kwambiri imalowa m'kabudula mwana akapisira. Nambala ya manambala awiri ngati 14, pakati pa msana pagwere pakati pa m'lifupi wa onse awiri pamodzi, chifukwa 1 ndi wowonda, mukamuyesa wofanana ndi 4 zonse zipendekera mbali imodzi. Dulani zilembozo pa katoni yolimba, lowetsani katoni ina mkati mwa malaya kuti penti isadutse, mugwiritse penti ya nsalu pomadinda ndi siponji pang'onopang'ono. Ikauma, sitani mutayala kansalu pamwamba. Ngati tisheti ndi ya poliyesita, simbi yotentha kwambiri imaisungunula.

Makabudula gulani akuda kapena ofiira, oyera sachedwa kuda ndi dothi lakatondo. Kamzere kamodzi m'mbali, nambala ya masentimita 10 kutsogolo kwa mwendo umodzi, mwendo womwewo pa ana onse, ndipo mukhale chingwe m'chiuno kuwonjezera pa lasitiki. Masokosi musasokepo kanthu, angothina n'kung'ambika. Akhale a mtundu umodzi, aatali okwanira kuphimba zotchinga msongolo zonse, ndipo ana akamamanga tepi kuti asatsike, lamulo limafuna tepiyo ifanane mtundu ndi sokosi pomwe yamangidwapo. Ngati ndalama yathera panjira, yambani ndi nambala ndi masokosi, mizere idzabwera teremu yamawa.