Kusintha filamenti pakati pa chikwangwani cha mitundu iwiri

"Akuluakulu, ndikufuna chikwangwani cha maziko akuda ndi zilembo zoyera, koma pulinta yanga ya 3D ili ndi nozo imodzi. Ndiimitse pa leya iti, ndipo nditani kuti zilembo zisatuluke zotuwa?"

Musanayambe kuwerenga maleya, yesani kaye ngati pulinta yanuyo imamva lamulo la M600, limene limaimitsa makina kuti musinthe filamenti, chifukwa ine ndinataya zikwangwani ziwiri tsiku limodzi pokhulupirira mawu a munthu amene anandigulitsa makina. Anandilumbirira kuti fimuweya anaikonza yekha ndipo zonse zosinthira mtundu zilimo. Pamenepo n'kuti ndalandira kale ndalama za mayi wina amene ankatsegula saluni yake Loweruka. Ndinaika kusintha kwa mtundu mu fayilo, ndinakhala pampando nditagwira filamenti yoyera, koma makina anadutsa leya ija osaima ngakhale pang'ono, n'kuyamba kulemba zilembo zakuda pamwamba pa maziko akuda. Mu fimuweya ya Marlin, M600 imagwira ntchito pokhapokha ADVANCED_PAUSE_FEATURE itatsegulidwa pamene fimuweya inkamangidwa, ndipo ngati sinatsegulidwe, pulinta imangolumpha mzerewo n'kupitiriza, pasikirini yake osaonetsa chilichonse. Nditamuimbira foni munthu uja anayankha kuti mwina ndine amene sindidziwa kugwiritsa ntchito makina, kenako anasiya kuyankha. Zimandiwawabe, chifukwa akanangonena kuti sanayesepo, ndikanayesa ndekha ndi kafayilo ka mizere inayi aka:

```
G28
M109 S200
G1 Z20 F600
M600
```

Mutu ukapita pambali n'kubweza filamenti, ndiye kuti lamulolo lilimo. Ukangokhala phee pamene uli, mulibe.

Chimene chinandisweratu mtima ndi chikwangwani chachiwiri. Usiku womwewo ndinayambanso, tsopano ndi Pause at height ya mu pulogalamu yosilaisira ya Cura, imene mumaipeza pa Extensions, Post Processing, Modify G-Code. Ndinali ndi phuma ndipo sindinawerenge mabokosi ake onse. Makina anaimadi pamalo oyenera patatha maola pafupifupi anayi, maziko ali osalala bwino, koma ine ndinali kukhitchini ndipo ndinabwera patapita mphindi khumi. Standby Temperature inali pa 0, choncho nozo inali itazizira ndipo filamenti yakuda inaumira m'kati. Pulinta yanga ikaima ndi lamulo la M0, limene Pause at height inagwiritsa ntchito, simungalowe m'menyu kuti mutenthetse nozo, chifukwa mukangodina batani imayambiranso kusindikiza. Ndinafinya kachitsulo ka ekisituruda n'kukoka mwamphamvu, osadziwa kuti mamota anali atamasuka kale, pakuti Marlin imawamasula pakatha masekondi 120 osayenda ngati palibe anasintha nambalayo. Ekisituruda yanga ili pa mtanda womwewo umene umanyamula mutu, motero mphamvu ya dzanja langa inatsitsa mtandawo pang'ono ndipo mutu unasunthira kumbali. Filamenti inatuluka itaduka, ndinalowetsa yoyera mpaka pamene inakana, ndinadina batani. Makina sankadziwa kuti asunthidwa. Nozo inatentha, inatsika n'kuyamba kukanda maziko, ikusiya mizere yotuwa ya pulasitiki yosakanikirana, ndipo chilembo choyamba chinakhala mamilimita atatu kunja kwa malo ake. Ndinaimirira pamenepo cha m'ma 2 koloko usiku ndikuyang'ana, filamenti yakuda yotsala isakukwananso chikwangwani china, ndipo m'mawa ndinapita ndekha kukapepesa kwa mayi uja.

Za leya, werengani kuchokera pa makulidwe a maziko. Changa chinali ndi maziko a mamilimita 2 ndipo leya iliyonse inali ya 0.2, kutanthauza maleya 10 akuda, ndipo yoyamba yoyera ndi ya 11, imene pamwamba pake pamafika pa 2.2. Koma onani leya yoyamba, chifukwa ambiri timaiika yokhuthala, monga 0.3, ndipo zikatero maziko sathera ndendende pa 2 ndipo chiwerengero chikhoza kusuntha. Njira yosanama ndi kutsegula chithunzi cha maleya mukatha kusilaisa, n'kukweza pang'onopang'ono mpaka muone leya imene muli zilembo zokha. Mu PrusaSlicer mumaika chizindikiro cha + pa leya imeneyo, chifukwa kusintha kumachitika iyo isanayambe. Mu Pause at height mumalemba leya yomaliza imene mukufuna ithe makina asanaime, yomwe kwa ine inali 10. Mukachedwa ndi leya imodzi, zilembo zimakhala ndi tsinde lakuda, zomwe sizioneka kwenikweni. Mukafulumira ndi leya imodzi, nkhope yonse ya chikwangwani imakutidwa ndi kaleya koyera ndipo ntchito yawonongeka. Choncho ngati mukukayika, lakwirani chakumwamba.

M'mabokosi aja a Pause at height, Standby Temperature ikhale yofanana ndi kutentha kumene mukusindikizira, monga madigiri 205 pa PLA, Disarm timeout ikhale masekondi 1800 kuti mamota asamasuke msanga, ndipo Park Print Head X ndi Y zipititse mutu pangodya yakutali ndi chikwangwani kuti madontho asagwere pa maziko. Bedi isazime, chifukwa ikatsika kuchoka pa madigiri 60 n'kuzizira, chikwangwani chachikulu chimayamba kumasuka m'makona.

Kutuwa kwa zilembo kuli ndi magwero awiri ndipo anthu amawasokoneza. Gwero loyamba ndi mtundu wakuda wotsalira m'nozo, ndipo mumaudziwa chifukwa chilembo choyamba kusindikizidwa chimakhala chodetsedwa kuposa chomaliza. Kuchoka pa yoyera kupita pa yakuda, mamilimita 40 a filamenti amandikwanira, koma kuchoka pa yakuda kupita pa yoyera ndimatulutsa 100 mpaka 150, ndipo ulusi wotulukawo ndimauika papepala loyera pafupi ndi kachidutswa ka filamenti yosasungunuka, chifukwa m'mwamba diso limanama. Pukutaninso kunja kwa nozo, pakuti pulasitiki yakuda yomatirira pamenepo imasungunuka n'kugwera pa chilembo. Gwero lachiwiri ndi lakuti PLA yoyera imaonetsa zimene zili pansi pake ikakhala yopyapyala, ndipo mumadziwa chifukwa zilembo zonse zimatuwa mofanana. Pamenepo kutulutsa filamenti yambiri sikuthandiza. Maleya awiri ndi ochepa; ine zoyera pa zakuda ndimazikweza mamilimita 0.8 kapena 1, omwe ndi maleya anayi kapena asanu. Mitundu yonse iwiri ikhale ya pulasitiki imodzi, chifukwa PETG simata bwino pa PLA ndipo zilembo zimayoyoka mukangozikanda ndi chikhadabo.

Ndikudziwa kuti ndanena kuti kuchedwa ndi dzanja langa ndi zimene zinandipweteka, komabe musathamange potulutsa mtundu wakale, ndipo ine mpaka lero ndimakankha filamenti ndi dzanja, chifukwa chala chimamva ngati ikuyenda bwino m'nozo. Ndimangoyamba ndakhudza mutu pang'ono kuti ndimve ngati mamota agwira, ndipo dzanja lina limachirikiza mtanda. Fimuweya sindinaisinthe ndipo sindikulimbikitsani kuisintha muli ndi ntchito ya kasitomala m'manja. Mukamadina batani loyambiranso, khalani ndi kopanira m'manja kuti muchotse kaulusi kolendewera pa nozo mutu usanatsike, ndipo zonsezi muyambe mwaziyesa pa kachikwangwani ka mamilimita 30 ka chilembo chimodzi, kokhala ndi makulidwe ofanana ndi chachikulucho.