Manambala a pa lisiti sakuwerengeka

"Abale thandizeni. Anditumizira chithunzi cha lisiti la fizi ya mwana koma manambala ali mbuu, sakuwerengeka. Kusukulu akufuna nambala ya lisitilo Lolemba. Pali apu yomwe ingawalitse?"

Achemwali, chonde musanaike chithunzicho mu apu ina iliyonse werengani kaye zomwe zinandionekera ine chaka chatha, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndinali kumudzi ku Thyolo kumaliro, ndiye ndinatuma alamu anga kuti akandiikire lendi ya miyezi itatu, K270,000, mu akaunti ya alandilodi kubanki ina ku Limbe. Anaikadi. Kalisiti kaja anakajambula madzulo magetsi atazima, n'kutumizira akazi awo pa WhatsApp, akazi awowo n'kupanga sikirinishoti n'kunditumizira ine. Pepala lenilenilo linakhala m'galimoto padzuwa milungu itatu. Timapepala ta m'makina timeneti salemba ndi inki, amalemba ndi kutentha, choncho tikakhala padzuwa zolemba zimafufutika. Pofika tsiku lomwe alandilodi ananena kuti ndalama sanaione, pepalalo linali loyera ngati silinalembedwepo.

Ndinathamangira kwa mnyamata wina wa shopu yosindikiza ku Ndirande. Anati mayi musadandaule, izi ndi zazing'ono. Anaika sikirinishoti ija mu apu ija yokongoletsa nkhope za pa zithunzi zakale, manambala n'kutuluka akuda bii, ooneka bwino ngati angotayipidwa kumene. Ndinalipira, n'kupita nalo pepala kwa alandilodi ndili ndi chimwemwe. Iwo anatsegula sitetimenti yawo pa foni, n'kuyamba kuwerenga nambala yanga mokweza pakhonde, anthu a nyumba zoyandikana ali pa mpopi akumva. Sinapezeke. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwayamba kupanga malisiti abodza?" Mwana wanga wamkazi anali ataima pakhomo ndi yunifolomu yake. Ndinalephera kuyankha, miyendo inangozizira, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pa nyumba imeneyo osaphonyapo mwezi, koma tsiku limenelo ndinatchedwa wakuba pamaso pa mwana wanga. Ndipo mnyamata uja nditabwererako anangoti ndi mmene yatulutsira apu, osapepesa n'komwe. Munthu ukulandira ndalama za anthu pa ntchito yomwe sukuidziwa! Apu imeneyo siwerenga, imangopeka chomwe chikufanana ndi chomwe yaona. Pamene panali 3 inajambulapo 8, pamene panali 6 inaikaponso 8, ndipo inazijambula mwaukhondo moti palibe akanakayika.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa achimwene anga yemwe amaphunzira ku MUBAS. Choyamba anakuza sikirinishoti ija pa laputopu mpaka timabokosi tomwe timapanga chithunzi, mapikiselo, tinayamba kuoneka. Anawerenga: nambala iliyonse inali yotalika timabokosi 9 tokha. Anati apa palibe chowalitsa, chifukwa kampata komwe kamasiyanitsa 3 ndi 8 kanatayika kale. Kuwalitsa kumangodetsa mbali yakuda ndi kuyeretsa mbali yoyera m'mphepete mwa chilembo, sikubweza chomwe mulibe m'chithunzi. Sikirinishoti inali mapikiselo 720 m'lifupi, pomwe kamera ya alamu inajambula 3000. Ndiye anawaimbira alamu kuti afufuze chithunzi choyambirira mu Gallery, achitumize podina kachizindikiro kotumizira zinthu n'kusankha Document, osati Gallery, chifukwa njira ya Document siichepetsa chithunzi. Chitafika, nambala yomwe ija inali timabokosi pafupifupi 37. Inali yosaonekabe bwino, ya mdima, koma tsopano munali chogwirapo.

Anandionetsanso kuti kusaoneka kulipo kosiyanasiyana, ndipo inu kuzani chanucho muone. Ngati chilembo chili chofewa mbali zonse mofanana, ngati mukuchionera pa galasi la nthunzi, ndiye kuti kamera sinalunjike bwino, ndipo chimenechi chimatheka kuwalitsa. Ngati chilembo chikuoneka pawiri kapena chakokekera mbali imodzi, dzanja linagwedezeka, ndipo mukawalitsa mumangopeza zilembo ziwiri zakuthwa m'malo mwa chimodzi. Ngati pozungulira zilembo pali timadontho ndi timabokosi ngati udzudzu, chithunzicho chafinyidwa potumizirana, ndipo kuwalitsa kumakuza udzudzuwo. Changa chinali cha mtundu woyamba, mwamwayi.

Anachikonza pa foni pompo ndi apu yaulere yotchedwa Snapseed. Anayamba ndi Crop, kudula kusiya mzere wa nambala, deti ndi ndalama basi. Kenako Black & White, chifukwa chithunzi cha mumdima chimakhala ndi timadontho ta mitundu tomwe timasokoneza maso. Kenako Tune Image: anakweza Brightness mpaka pepala linayera, n'kukweza Contrast pang'onopang'ono mpaka manambala anada. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timakokera mpaka kumapeto. Mukapyoza, timabowo ta mkati mwa 6, 8 ndi 9 timatsekeka, zonse n'kusanduka zibulunga zofanana. Pomaliza penipeni ndi pomwe analowa mu Details n'kukweza Sharpening kufika cha m'ma 30, Structure pang'ono chabe. Anati ukaona kamzere koyera kayamba kuzungulira chilembo ngati mwezi wamanga nkhokwe, wapyoza, bwerera m'mbuyo. Ambiri mwa manambalawo anawerengeka asanafike n'komwe pa Sharpening, ntchito yaikulu inagwiridwa ndi kuyeretsa pepala kuja.

Panatsala manambala awiri okayikitsa. Apa anachita chinthu chomwe sindidzaiwala. Anati tiyang'ane manambala omwe tikuwadziwa kale pa lisiti lomwelo. Deti ndinkalidziwa, linali pa 13, ndiye tinaona mmene 3 wa makina amenewo akuonekera akakhala mbuu: mbali ya kumanzere inali yotuwa, osati yakuda. Wokayikitsa woyamba anali chimodzimodzi, 3. Wachiwiri sitinagwirizane, iye ankati 6 ine 5, ndiye tinalemba nambala ziwiri zonse papepala. Alandilodi atafufuza, ya 6 inapezeka, tsiku lomwelo, ndalama yomweyo. Anangoti, "Oo, ilipo." Kupepesa ayi, mpaka lero, ndipo anthu a pa mpopi aja palibe anawauza kuti ndinalibe mlandu.

Ndiye achemwali, kunena zoona musayambire pa zowalitsazi. Lero lomwe muimbireni anakutumiziraniyo. Ngati pepala lilipo ajambulenso masana pafupi ndi windo, apukute kamera ndi nsalu, aliyale pa tebulo, adine pa manambala pa sikirini kuti kamera ilunjike pamenepo, asayatse fulashi chifukwa timapepala timeneti timanyezimira, ndipo asayandikitse kwambiri foni chifukwa ikayandikira kwambiri imalephera kulunjika. Ngati pepala latayika, atumize choyambirira ngati Document. Mukachikonza, sungani chosakonzacho ndipo kusukulu mukaonetse zonse ziwiri, kuti pasapezeke wonena kuti mwasintha manambala. Nambala yomwe mukukayika musailembe ngati yotsimikizika, auzeni a ku ofesi kuti apa mwina ndi 3 mwina ndi 8, afufuze ndi deti komanso ndalama. Ndipo yemwe anaika ndalamayo atha kupita ndi chiphaso chake ku nthambi yomwe anaikira kukapempha kuti amufufuzire.

Koma ikani Snapseed yomweyo usiku uno muyesere, poti Lolemba layandikira. Chikakanika nditumizireni ku inibokosi ngati Document, mubise dzina la mwana ndi nambala ya akaunti, mwana wa achimwene uja abwera Loweruka adzachione.